Ana angati, kangati? Masamu oyenera kuchitika kafukufuku wa nkhawa asanayambe

M'chaka cha 2001, akatswiri a kumpoto kwa dziko la Netherlands anayamba kutsatira ana 2,230 a zaka pafupifupi 11 pa kafukufuku wotchedwa TRAILS. Ankafuna kudziwa mmene maganizo ndi thanzi la anawo zidzasinthire akamakula, ndipo nkhawa inali imodzi mwa zinthu zomwe ankayeza. Atabwereranso patatha zaka ziwiri kapena zitatu anapeza ana 2,149. Pa ulendo wachitatu, anawo ali ndi zaka pafupifupi 16, anapeza 1,816 okha, kutanthauza kuti pafupifupi mwana mmodzi pa asanu alionse sanayankhe. Kafukufukuyu anapitirira mpaka anawo atakula, chifukwa chiwerengero chomwe anayamba nacho chinali chokwanira kupirira kutayika kotereku.

Aliyense wofuna kutsatira achinyamata kwa zaka zingapo amakumana ndi mafunso awiri asanalankhule ndi mwana ngakhale mmodzi. Loyamba ndi lakuti ayambe ndi ana angati ndipo awayeze kangati. Lachiwiri ndi lakuti manambala akadzabwera adzawasanthula motani. Ambiri amatenga mafunsowa ngati ntchito ziwiri zosiyana, imodzi ya pachiyambi, ina ya pamapeto. Zoona zake n'zakuti ndi ntchito imodzi. Chiwerengero cha ana chimachokera m'njira yosanthulira manambala, ndipo amene wasankha njira yolakwika pa pepala amalembanso ana osakwanira kusukulu. Tiyende ndi chitsanzo chimodzi kuyambira pa funso mpaka pa chiwerengero, kuti tione mmene zimakhalira.

Funso limodzi, loyezeka

Tiyerekeze kuti gulu la ofufuza likufuna kudziwa ngati nkhawa imakula msanga mwa atsikana kusiyana ndi anyamata pa zaka za kusekondale. Akonza zoti mwana aliyense adzayezedwe kanayi: ali Fomu 1, Fomu 2, Fomu 3 ndi Fomu 4, pa nyengo yofanana ya chaka.

Choyezera chake tinene kuti ndi mafunso otchedwa GAD-7, omwe Robert Spitzer ndi anzake anatulutsa mu 2006. Ndi mafunso asanu ndi awiri okhudza masabata awiri apitawa: kukhala ndi mantha, kulephera kuletsa nkhawa, kusakhazikika, kupsa mtima msanga ndi zina zotero. Yankho lililonse limapatsidwa mapointi kuyambira 0 mpaka 3, choncho onse pamodzi amayambira pa 0 kufika pa 21. Munthu akafika pa 10 amaonedwa kuti akufunika kuunikidwa bwino. Mafunsowa anapangidwira akuluakulu ndipo pambuyo pake anayamba kugwiritsidwanso ntchito pa achinyamata. A TRAILS anagwiritsa ntchito mafunso ena, a RCADS, omwe anakonzedwera ana mwachindunji. Masamu omwe tichite apa amagwira ntchito pa choyezera chilichonse.

Chofunika kumvetsa ndi chakuti funso la gululi si lakuti ndani ali ndi nkhawa yambiri lero. Funso ndi la liwiro: mapointi a mtsikana amakwera ndi angati pa chaka, ndipo a mnyamata amakwera ndi angati? Choncho ofufuza ayenera kugwirizana kusiyana kochepetsetsa komwe sakufuna kuti kuwadutse. Tinene kuti atakambirana ndi aphunzitsi ndi achipatala agwirizana pa theka la pointi pa chaka. Pa zaka zitatu za pakati pa Fomu 1 ndi Fomu 4, theka limeneli limasanduka pointi imodzi ndi theka. Nambala iyi sichokera mu kompyuta. Ndi chigamulo cha anthu odziwa ana, ndipo ndi yomwe imalamulira china chilichonse chotsatira.

Mwana aliyense ndi mzere wake

Mayi aliyense yemwe anapitapo ndi mwana kusikelo amadziwa khadi lija la kulemera. Mwezi ndi mwezi namwino amaika kadontho, madontho aja amalumikizana n'kukhala mzere. Mwana wina amayambira m'mwamba n'kumakwera pang'onopang'ono, wina amayambira m'munsi n'kukwera mofulumira. Kadontho kamodzi kakhoza kutsika chifukwa mwana anatsegula m'mimba sabata imeneyo, koma namwino wodziwa ntchito amayang'ana komwe mzere wonse ukulowera. Njira yosanthulira manambala yomwe akatswiri amaitcha mikisidi modelo imaona nkhawa mwa njira yomweyi. Nan Laird ndi James Ware ndi omwe anaifotokoza mwadongosolo mu 1982 kuti izigwiritsidwa ntchito pa anthu oyezedwa mobwerezabwereza.

Imatchedwa yosakaniza chifukwa imaphatikiza zinthu za mitundu iwiri. Mtundu woyamba ndi wa gulu lonse: poyambira pa atsikana onse pamodzi, poyambira pa anyamata, ndi liwiro la gulu lililonse. Apa ndi pomwe pali yankho la funso lathu. Mtundu wachiwiri ndi wa munthu payekha: mwana aliyense amaloledwa kukhala ndi poyambira pake ndi liwiro lake, zomwe zimasiyana ndi za gulu. Mtsikana wina akhoza kupeza 4, 6, 7 ndi 10 pa zaka zinayi zija. Mnzake wa desiki imodzi akhoza kupeza 9, 8, 9 ndi 7. Onse ndi atsikana, koma wina akukwera ndi mapointi pafupifupi awiri pa chaka pomwe wina akutsika pang'ono.

N'chifukwa chiyani sitingangosonkhanitsa mayankho onse n'kuwerengera pamodzi? Chifukwa mayankho anayi a mwana mmodzi si anthu anayi. Mwana wa nkhawa chaka chino amakhala wa nkhawa ndithu chaka chamawa, ndipo yankho lake lachiwiri limabwereza zambiri zomwe loyamba linanena kale. Wofufuza amene watenga mayankho 1,400 a ana 350 ngati anthu 1,400 osadziwana walakwitsa masamu a chitsimikizo chake. Njira yosakaniza imadziwa kuti mayankho awa ndi a mwana uyu, ndipo mwana uyu ndi wa sukulu iyi.

Mu pulogalamu yaulere ya R, pogwiritsa ntchito chida cha `lme4`, ndondomeko yonseyi imalembedwa mu mzere umodzi:

```
lmer(gad7 ~ chaka * gulu + (1 + chaka | mwana) + (1 | sukulu), data = d)
```

Mawu akuti `chaka * gulu` akufunsa ngati liwiro la pa chaka likusiyana pakati pa atsikana ndi anyamata. Mawu akuti `(1 + chaka | mwana)` akupereka kwa mwana aliyense poyambira pake ndi liwiro lake. Omalizawo, `(1 | sukulu)`, akuvomereza kuti masukulu nawonso amasiyana. Mzere umenewu uyenera kulembedwa mu ndondomeko kafukufuku asanayambe, chifukwa chiwerengero cha ana chiwerengedwa kuchokera pa iwo.

Mphamvu ya kafukufuku

Kafukufuku akhoza kulakwa m'njira ziwiri. Akhoza kulengeza kuti pali kusiyana pomwe palibe, chifukwa mwamwayi chabe atsikana omwe anasankhidwa anali a nkhawa kwambiri. Ofufuza amavomereza kuti cholakwa chotere chizichitika kasanu pa 100, osapitirira apo. Akhozanso kulephera kuona kusiyana komwe kulipodi, chifukwa ana anali ochepa moti kusiyanako kunamira m'kusinthasintha kwa mayankho. Mphamvu ya kafukufuku ndi mwayi woti apeza kusiyana ngati kulipo. Chizolowezi chomwe katswiri wa za maganizo Jacob Cohen anathandiza kufalitsa ndi chofuna mphamvu ya 80 pa 100. Tanthauzo lake ndi lakuti kafukufuku yemweyo atachitika kakhumi, kasanu ndi katatu akhoza kukupeza kusiyanako ndipo kawiri akhoza kukuphonya.

Kuti tidziwe ana ofunika, tiyenera kuyerekeza kukula kwa zinthu ziwiri zomwe zimaphimba kusiyana komwe tikufuna. Choyamba ndi kugwedezeka kwa tsiku ndi tsiku. Mwana amene mzere wake weniweni uli pa 7 akhoza kupeza 10 chifukwa wabwezedwa fizi m'mawa womwewo, kapena 4 chifukwa wachita bwino pa mayeso a masamu. Mu chitsanzo chathu tinene kuti kugwedezeka kumeneku kumakhala kwa mapointi 3 mbali iyi kapena iyo. Chachiwiri ndi kusiyana kwenikweni kwa liwiro pakati pa ana a gulu limodzi, monga atsikana awiri a desiki imodzi aja. Tinene kuti kumeneku ndi kwa pointi imodzi pa chaka. Manambala awiriwa ndi ongoyerekeza. Pa kafukufuku weniweni amatengedwa ku kafukufuku wina wofanana naye yemwe anachitika kale, kapena ku kafukufuku woyeserera.

Kuyeza kangapo kumachepetsa vuto loyamba, ndipo kuchuluka kwa phindu lake kumadalira mmene maulendo atalikirana. Maulendo athu ali pa chaka 0, 1, 2 ndi 3, ndipo pakati pake ndi pa 1.5. Mitunda yochokera pakatipo ndi 1.5, 0.5, 0.5 ndi 1.5. Tikachulukitsa mtunda uliwonse ndi iwo womwe timapeza 2.25, 0.25, 0.25 ndi 2.25, zomwe pamodzi ndi 5. Kugwedezeka kuja kwa 3 tikakuchulukitsa ndi 3 timapeza 9, ndipo 9 kugawa ndi 5 ndi 1.8. Tikaonjezapo 1 wa kusiyana kwa liwiro la ana timapeza 2.8. Nambala iyi, yomwe tiitche `V`, ikutiuza mmene liwiro loyezedwa la mwana mmodzi limamwazikira. Tsopano tiiika mu fomula:

```
n = 2 × (1.96 + 0.84)² × V / d²
n = 2 × 7.84 × 2.8 / 0.25 = 175.6
```

Nambala ya 1.96 ikuimira malire aja a kasanu pa 100, ya 0.84 ikuimira mphamvu ya 80 pa 100, ndipo `d` ndi theka la pointi lija. Yankho ndi atsikana 176 ndi anyamata 176, onse pamodzi 352, ngati aliyense atapezeka maulendo onse anayi.

Zomwe fomulayi imaphunzitsa

Phindu la masamuwa silithera pa nambala imodzi. Wofufuza akamasintha zolowetsamo amaona komwe ndalama zake zingagwire ntchito ndi komwe zingatayike.

Tiyambe ndi kukula kwa kusiyana. Gulu lija likanati likufuna kuona ngakhale kusiyana kwa 0.25 pa chaka, theka la koyamba kuja, ana ofunika sakanawirikiza kawiri koma kanayi: oposa 700 pa gulu lililonse. Ichi n'chifukwa chake ena amakopeka kulemba kusiyana kwakukulu mu ndondomeko kuti chiwerengero chigwirizane ndi ndalama zomwe ali nazo. Pepala limaoneka bwino, koma kusiyana kwenikweni kwa ana sikukula chifukwa choti wofufuza walemba nambala yaikulu.

Kenako tione za maulendo. Wina akhoza kuganiza kuti kuyeza kawiri pa chaka, maulendo asanu ndi awiri m'malo mwa anayi, kungachepetse ana ofunika ndi theka. Masamu akukana. Chiwerengero cha 5 chija chimangofika pa 7, `V` amatsika kufika pafupifupi 2.3, ndipo ana ofunika amakhala 144 pa gulu m'malo mwa 176. Chifukwa chake n'chakuti ngakhale mutamuyeza mwana tsiku lililonse, mumangodziwa bwino mzere wa mwana ameneyo. Kusiyana kwa liwiro pakati pa iye ndi anzake kumakhalapobe, ndipo kumachepetsedwa ndi kuonjeza ana basi.

Kutalika kwa nthawi ndiye kuli ndi mphamvu yaikulu. Maulendo anayi omwewo atapanikizidwa m'chaka chimodzi, chiwerengero cha 5 chimagwa kufika pafupifupi 0.56, ndipo pamafunika ana pafupifupi 1,080 pa gulu kuti aone liwiro lomwelo la theka la pointi pa chaka. M'miyezi 12 kusiyanako kumakhala kusanakule mokwanira kuti kuoneke pamwamba pa kugwedezeka kwa tsiku ndi tsiku. Komanso, kuyeza kawiri kokha, ku Fomu 1 ndi ku Fomu 4, kumafuna ana pafupifupi 190 pa gulu, osatalikirana kwenikweni ndi 176. Maulendo apakati ali ndi ntchito ina. Amaonetsa ngati mzere ukupindika, ndipo amasunga uthenga wa mwana yemwe sadzafika ku Fomu 4. Kupindikaku si kongoganizira: a TRAILS anapeza kuti zizindikiro za nkhawa zinayamba zatsika kumayambiriro kwa unyamata kenako n'kukweranso pambuyo pake. Mzere wowongoka wojambulidwa pa madontho awiri okha sungaone zotere.

Cholakwa chomwe chimabisala kwambiri ndi kuiwala kuti ana amasiyana liwiro. Wofufuza akalemba modelo yopatsa mwana aliyense poyambira pake pokha, n'kuganiza kuti atsikana onse amakwera mofanana, `V` wake amakhala 1.8 m'malo mwa 2.8, ndipo fomula imamuuza kuti ana 113 pa gulu akwanira. Amakondwa kuti wapulumutsa ndalama. Koma ngati ana amasiyanadi liwiro monga tayerekezera, mphamvu yeniyeni ya ana 113 ndi pafupifupi 61 pa 100. Ndipo akadzasanthula manambala ndi modelo yoperewerayo, kompyuta idzamupatsa chitsimikizo chachikulu kuposa chomwe ali nacho, moti akhoza kulengeza kusiyana komwe kulibe. Apa ndi pomwe zikuonekera poyera kuti kusankha modelo ndi kuwerengera ana ndi ntchito imodzi.

Ana omwe amasowa pa njira

Palibe kalasi ya Fomu 1 yomwe imafika ku Fomu 4 yonse. Ena amasamuka ndi makolo, ena amasiya chifukwa cha fizi, ena amatenga mimba kapena kukwatiwa, ena amangokana kuyankhanso, ndipo ndi ufulu wawo. Tiyerekeze kuti chaka chilichonse mwana mmodzi pa khumi alionse amasowa. Pakatha zaka zitatu pamatsala 73 pa 100. Njira yachidule ndi kugawa 176 ndi 0.73, zomwe zimapereka ana pafupifupi 242 pa gulu. Gulu lathu likhoza kunena kuti lilemba ana 500: masukulu 20, ana 25 pa sukulu iliyonse.

Chiwerengero chimenechi chili ndi malo opumira, chifukwa njira yosakaniza sitaya mwana amene wayankha kawiri kapena katatu. Imagwiritsa ntchito zomwe anapereka, ndipo mzere wake imaukokera pang'ono ku mzere wa gulu chifukwa madontho ake ndi ochepa. Njira zakale zinkachotsa aliyense wosowa ulendo umodzi, n'kutsala ndi ana okhazikika okha, omwe nthawi zambiri safanana ndi omwe achoka.

Komabe pali malire. Modelo imapereka yankho lolondola pokhapokha ngati kusowa kwa mwana kungafotokozeredwe ndi zomwe zinalembedwa kale. Mtsikana amene anapeza 11 kenako 14 n'kusiya sukulu wasiya chizindikiro, ndipo modelo ikudziwa kuti ankakwera. Koma taganizani za amene anapeza 4 kenako 5, ndiye chaka chotsatira bambo ake amwalira, nkhawa yake yafika pa 16, wasiya sukulu asanayezedwe. Kwa kompyuta iye akadali mwana wodekha. Atsikana otere akachuluka, kafukufuku adzanena kuti nkhawa ya atsikana sikwera kwenikweni, pomwe omwe inawakwera kwambiri ndi omwe palibe.

Palibe masamu omwe angachize vutoli kotheratu, choncho ndondomeko yabwino imalikonzekera m'njira zitatu. Imasunga ndalama zolondolera ana omwe achoka pa sukulu, ndi chilolezo chomwe chinatengedwa pachiyambi kwa iwo ndi makolo awo. Imalemba chifukwa chomwe mwana aliyense wasowera. Ndipo imalonjeza kuti pamapeto adzayesa zotsatira motere: adzadzaza mipata ndi manambala oyerekeza, kenako adzaonjeza mapointi 2 kapena 3 pa aliyense wosowa, n'kuona ngati yankho likusintha. Likapanda kusintha, owerenga akhoza kulikhulupirira. Likatembenuka, ayenera kuuzidwa.

Pamene sukulu ndiyo ikuyerekezedwa

Funso la atsikana ndi anyamata lili ndi mwayi umodzi: m'masukulu osakanikirana magulu onse awiri amapezeka m'kalasi imodzi, pansi pa aphunzitsi omwewo. Zabwino kapena zoipa za sukuluyo zimagwera onse, choncho sizisokoneza kwambiri kuyerekeza.

Zinthu zimasintha funso likakhala lakuti kodi nkhawa imakula mosiyana pakati pa ana ogonera pa sukulu ndi oyendera. Apa sukulu yonse imagwera mbali imodzi. Ana a sukulu imodzi amagawana mphunzitsi wamkulu mmodzi, malamulo amodzi, chakudya chimodzi, ndipo mizere yawo imafanana pang'ono. Mwana wa 25 wa pa sukulu yomweyo sabweretsa uthenga watsopano wochuluka ngati mwana woyamba wa sukulu ina.

Kufananaku kumayezedwa ndi nambala ya pakati pa 0 ndi 1. Tinene kuti pa liwiro loyezedwa la ana ndi 0.03, yomwe ikuoneka yaing'ono. Chiwerengero cha ana chiyenera kuchulukitsidwa ndi `1 + (m − 1) × 0.03`, pomwe `m` ndi ana a pa sukulu imodzi. Akakhala 25, yankho ndi 1.72, ndipo ana 352 aja amakhala oposa 600. Akakhala 50 pa sukulu, yankho ndi 2.47, ndipo pamafunika ana pafupifupi 870. Apa sitinaonjezepo osowa pa njira. Phunziro lake n'lomveka: pa funso lotere masukulu ambiri okhala ndi ana ochepa amaposa masukulu ochepa okhala ndi ana ambiri, ngakhale kuti mafuta a galimoto amakwera. Ndipo amene wayerekeza sukulu imodzi yogonera ndi imodzi yoyendera, ngakhale atafunsa ana onse a m'menemo, wayerekeza masukulu awiri basi. Pa funsoli modelo iyeneranso kulola sukulu iliyonse kukhala ndi liwiro lake.

Kuchita kafukufuku mu kompyuta asanachitike kusukulu

Fomula ija ndi yothandiza kumvetsa, koma imaganiza kuti zonse ndi zosalala: magulu ofanana kukula, maulendo a pa nthawi yake, palibe wosowa. Kuti aone zenizeni, ofufuza amauza kompyuta kuti ipange ana 500 ongopeka m'masukulu 20, aliyense ndi poyambira pake, liwiro lake ndi kugwedezeka kwake, atsikana akukwera ndi theka la pointi kuposa anyamata. Kenako imafufuta mayankho ena motsatira mmene ana amasowera, n'kuyendetsa mzere uja wa `lmer`, n'kulemba ngati kusiyana kwapezeka. Imabwereza zimenezi ka 1,000. Kusiyana kukapezeka ka 800 kapena kuposa, mphamvu yafika pa 80 pa 100. Chida cha `simr`, chomwe Peter Green ndi Catriona MacLeod anatulutsa mu 2016, chinapangidwira ntchito imeneyi.

Kuyeserera kotere kumaulula mavuto nthawi ikadalipo. Nthawi zina pa sikirini pamatuluka uthenga wakuti `boundary (singular) fit`, kutanthauza kuti modelo yafunsa zambiri kuposa zomwe manambala angayankhe, mwina chifukwa masukulu ndi ochepa kapena maulendo ndi ochepa. Ukamatuluka kawirikawiri pa ana ongopeka, udzatulukanso pa ana enieni, ndipo ndondomeko iyenera kunena pasadakhale chomwe chidzachotsedwe poyamba. Vuto lina ndi lakuti ana ambiri amapeza 0, 1 kapena 2 pa GAD-7 ndipo sangatsike kupyola 0, pomwe ochepa amakwera kwambiri. Kompyuta ikhoza kupanga mayankho opendekeka motero kuti aone ngati mphamvu ikugwa.

Popeza manambala olowetsamo ndi oyerekeza, wofufuza woona mtima sapereka yankho limodzi. Amaonetsa zomwe zingachitike ngati waphonya. Mwachitsanzo, kusiyana kwa liwiro la ana kukakhala 1.5 m'malo mwa 1, ana ofunika amachoka pa 176 kufika pafupifupi 255 pa gulu, osowa asanawerengedwe. Wopereka ndalama ndi komiti yoona za ufulu wa otenga nawo mbali, monga COMREC kapena NHSRC kuno ku Malawi, ayenera kuona tebulo lonselo, osati nambala yokoma yokha.

Zolemba manambala asanabwere

Manambala akafika, pamakhala njira zambiri zowasanthulira, ndipo munthu akayesa zokwanira imodzi imapereka chomwe mtima wake ukufuna. Akhoza kuchotsa sukulu imodzi, kusintha malire a mapointi, kapena kusiya funso la atsikana n'kulengeza la ana amasiye chifukwa ndi lomwe latuluka bwino. Kuyesa kulikonse kumaonjeza mwayi wa cholakwa chija chomwe tinati chisapitirire kasanu pa 100. Mankhwala ake ndi kulemba ndondomeko n'kuiika pamalo poonekera, yokhala ndi deti, kusanthula kusanayambe.

Ndondomekoyo inene funso lalikulu limodzi ndi mzere wa modelo womwe udzaliyankhe. Inene ngati nthawi idzawerengedwa ndi fomu kapena ndi zaka za mwana, chifukwa m'kalasi imodzi ya Fomu 1 mumapezeka wa zaka 13 ndi wa zaka 17, ndipo obwereza kalasi amasokoneza kawerengedwe ka mafomu. Inene mwezi woyezera. Ulendo wa Fomu 1 ukachitika kumayambiriro kwa chaka cha sukulu ndipo wa Fomu 4 ukachitika mayeso a MSCE atayandikira, kukwera komwe kudzaoneke kudzakhala kwa mantha a mayeso kosakanikirana ndi kwa kukula, ndipo palibe modelo yomwe idzazilekanitse. Inenenso mmene adzatsimikizire kuti mafunso akumveka mofanana kwa atsikana ndi anyamata, komanso kwa mwana wa Fomu 1 ndi wa Fomu 4. Ngati anyamata akamakula amachita manyazi kuvomera mantha pamaso pa wofunsa, kusiyana kwa liwiro kudzaoneka ngakhale mitima yawo ikuvutika mofanana ndi ya atsikana.

Pali chinthu chinanso chomwe chimakhudza masamu ndi umunthu nthawi imodzi. Mwana akapezeka ndi mapointi okwera kwambiri sangasiyidwe kuti mzere wake uoneke bwino pa tebulo. Ayenera kutumizidwa kwa omuthandiza, ndipo njira yake ikhale yokonzedwa kale. Thandizolo likhoza kutsitsa mapointi ake chaka chotsatira, choncho lilembedwe kuti owerenga adziwe kuti mizere ina inapindika chifukwa cha chisamaliro.

Kafukufuku akatha osapeza kusiyana, ena amawerengeranso mphamvu pogwiritsa ntchito kusiyana komwe apeza, n'kunena kuti mphamvu inali yochepa. Kuwerengera kumeneko sikuonjeza chilichonse, chifukwa kumangobwereza zotsatira zomwezo m'mawu ena. Chothandiza ndi kuonetsa malire a yankho. Ngati kusiyana kwa liwiro kuli pakati pa −0.1 ndi 0.2 pa chaka, tikhoza kunena kuti theka la pointi lija palibe. Ngati kuli pakati pa −0.3 ndi 0.9, kafukufukuyo sanayankhe funso, ndipo kunena kuti atsikana ndi anyamata n'chimodzimodzi kungakhale kunamiza anthu.

Choncho mukamawerenga nkhani yoti ofufuza atsatira achinyamata n'kupeza zakutizakuti za nkhawa, funsani kuti anayamba ndi angati ndipo anamaliza ndi angati, omwe anachoka anali otani, masukulu anali angati, ndipo funso lomwe akulengeza ndi lomwe analemba pachiyambi kapena ayi. Mwana amene wavomera kuuza mlendo za mantha ake kanayi pa zaka za kusekondale wapereka chinthu chovuta kupereka. Ngati masamu akuonetsa kuti ndalama zilipo za ana 200 pomwe funso likufuna 500, njira zoyenera ndi kufunafuna masukulu ena ogwirizana nawo, kusintha funso kuti likwane chiwerengerocho, kapena kudikira.